Mtengo umodzi wa soya pa kalabu: ndikawauze chiyani kuti asamagulitse kumbali?

Mlembi_wa_Kalabu
Moni nonse. Loweruka likudzali ndikayankhula pa msonkhano wa kalabu ya alimi 24 kuno ku Dowa, pafupi ndi Mponela. Soya tikuyembekezera matumba pafupifupi 430 a makilogalamu 50 tikaphatikiza tonse. Nkhani yake ndi yoti tigwirizane mtengo umodzi, venda akabwera aliyense amuuze mtengo womwewo. Vuto ndi lodziwika kale: pamsonkhano onse amaomba m'manja, koma pofika Lachitatu wina wagulitsa kale usiku pa mtengo wotsika, venda n'kumayenda nyumba ndi nyumba kunena kuti "anzanu apereka kale pa mtengo wakuti". Amene mumaidziwa ntchito imeneyi, ndikayambe ndi chiyani, ndipo malamulo ake tilembe otani?

Kamkhwani
Chindapusa basi. Wogulitsa kumbali alipire K50,000, akakana mumuchotse. Anthu akumudzi amamva chikwapu.

Mlangizi_Wopuma
A Mlembi, musakayambe ndi mtengo, ndipo musakayambe ndi chindapusa. Mukangoyamba ndi funso loti "tigulitse pa mtengo wanji?" wina adzati K1,500, wina K1,800, ndipo amene akufuula kwambiri amakhala munthu woti ali ndi golosale kapena mwana wake ali ku Joni, sakusowa ndalama ya sopo. Osauka amangokhala chete n'kuvomera, chifukwa palibe amene amafuna kunena pagulu kuti kwawo kwada.

Funso loyamba likhale ili: kuchokera lero mpaka tsiku limene tidzalandire ndalama, aliyense akufunika ndalama zingati zimene sizingadikire? Fizi ya temu yachitatu, aganyu amene anazula ndi kupuntha soya, ngongole ya feteleza, matenda. Musafunse pabwalo. Mlembi ndi msungichuma akhale pambali ndi kope, aliyense abwere payekha. Mukaphatikiza mupeza nambala imodzi, tiyerekeze K2,500,000. Nambala imeneyo ndi imene imathyola mgwirizano. Ngati gulu lilibe poipeza, mtengo uliwonse umene mungagwirizane udzakhala wa pakamwa chabe.

Chachiwiri, musawapemphe kuti alonjeze soya yense. Munthu alonjeze magawo 7 mwa magawo 10 a zokolola zake, otsalawo ndi ake, agulitse tsiku limene akufuna kwa amene akufuna. Pa matumba 430 aja ndiye kuti gulu likhala ndi matumba pafupifupi 300, omwe ndi matani 15. Lonjezo la matumba 300 lokwaniritsika limaposa la 430 loti theka lidzasowa.

Kamkhwani
Bwana Mlangizi, mwawatsegulira nokha chitseko. Akagulitsa atatuwo pa mtengo wotsika, venda adziwa kale kuti mudziwu ndi wofewa.

Mlangizi_Wopuma
Chitsekocho chilipo kale, a Kamkhwani, kungoti panopa amadutsapo usiku. Kusiyana kwake n'koti matumba ochepa ogulitsidwa masana sasokoneza thiraki ya gulu, chifukwa simunawawerengere.

MayiWaSikelo
Ndiwonjezere pa za a Mlangizi. Anthu sakhulupirira mawu, amakhulupirira masamu olembedwa pa bolodi kapena pa katoni, onse akuona. Mutenge choko. Mitengo ndikuyikayi ndi yongoyerekeza, inu mukaikepo ya sabata imeneyo mutaimbira ogula osachepera atatu.

Tinene kuti venda akugula pakhomo K1,000 pa kilo, ndipo wogula wamkulu ku Kanengo ku Lilongwe akupereka K1,300 mukamupititsira. Alimi amangomva K1,300 n'kuyamba kuwerengera malata. Apa ndi pamene mkangano umabadwira, chifukwa K1,300 sifika m'thumba. Chotsani pamaso pawo. Thiraki ya matani 15, tiyerekeze K900,000, ndiye K60 pa kilo. Matumba atsopano, K1,000 limodzi, ndiye K20 pa kilo. Okweza ndi otsitsa, K10. Lendi ya nyumba yosungiramo ndi mlonda, K150,000, ndiyenso K10 pa kilo. Kenako pali kuchepa: soya amauma, zinyalala zimapetedwa, sikelo ya wogula siyifanana ndendende ndi yanu. Werengerani makilo 2 pa 100 aliwonse, omwe ndi K26 pa kilo. Gulu lisungeko K20 ya m'thumba la kalabu. Zonse pamodzi K146.

Ndiye mlimi akulandira K1,154, osati K1,300. Kuposa venda ndi K154 pa kilo, kapena K7,700 pa thumba. Wa matumba 10 apindula K77,000. Ndi ndalama yabwino, koma si chozizwitsa, ndipo muwauze choncho Loweruka lomwelo. Mukabisa K146 ija, tsiku logawana adzati komiti yadya.

Tsabola_Wakale
Eeh, ndiye phindu lake ndi lomweli? Ine ndimayesa ndi theka ndi theka.

MayiWaSikelo
Ndi lomwelo achimwene, koma pali china chimene sindinawerengere. K1,000 ya venda ndi ya pa sikelo yake. Ngati thumba la makilo 50 likuwerenga 47, ndiye kuti mwalandira K47,000, kutanthauza K940 pa kilo yeniyeni. Akagula pa ndowa yosefukira ndiye zimaposa pamenepo. Choncho kusiyana kwenikweni kumadutsa K200.

A Mlembi, pa msonkhanopo mubweretse sikelo ndi mapaketi a shuga osatsegula a kilo imodziimodzi, kapena chigubu cha malita 20 chodzaza madzi. Madzi a malita 20 amalemera makilo 20, kuonjezerapo chigubucho. Muyese sikelo ya gulu onse akuona. Pa sikelo yogulitsira malonda payenera kukhala chizindikiro choti a Malawi Bureau of Standards anaiyesa, ndipo mlimi ali ndi ufulu wofunsa. Venda wokana kuti mukoleke chigubu pa sikelo yake wakuuzani kale zonse.

Nkhuku_Yamikolo
Ine sindikumvetsa mukuvutikiranji. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse. Mungotenga mtengo wa boma n'kuuika pa mtengo wa mango, wogula pansi pa pamenepo mukamunenere kupolisi.

Chitedze77
Amalengezadi, unduna wa zamalimidwe umatulutsa mitengo yoyambira nyengo yokolola ikamayamba, ndipo ogula amayenera kukhala ndi chiphaso. Ndi bwino kuudziwa mtengowo ndi kuutchula pokambirana. Koma chilengezo sichigula soya. Msika ukatsika pansi pa mtengo wa boma, venda amangopinda sikelo n'kupita mudzi wina, ndipo ngati pa msika wa Admarc wapafupi sakugula tsiku limenelo, mumatsala ndi pepala m'manja. Zaka zina zimatembenuka, msika umakwera kupitirira mtengo wa boma, ndiye mukamamatira pa wa bomawo mwadzidyera nokha. Gulu liwerenge mtengo wake, wa boma ukhale mboni chabe.

Mlembi_wa_Kalabu
Zikomo. Ndiye mtengo wathuwo tiupeze bwanji, kuti usakhale wongolota?

Chitedze77
Pamafunika mitengo iwiri, osati umodzi. Woyamba ndi umene mukanene kwa ogula. Wachiwiri ndi wapansi penipeni, umene komiti singatsike popanda kuitananso gulu lonse.

Wapansiwo umachokera ku munda. Tengani ekala imodzi ya mlimi wapakati, osati wa katswiri wa kalabu. Lembani mbewu, inokyulanti, kulima mizere, kupalira, kuzula, kupuntha, matumba, ngolo yotutira, ndi lendi ya munda ngakhale munda uli wake. Ntchito ya banja iwerengedwe pa mtengo wa ganyu, apo ayi mukunama. Tiyerekeze zakwana K360,000 ndipo ekalayo yatulutsa matumba 9, makilo 450. Ndiye kilo imodzi yamudyera K800. Wina amene anakolola matumba 6 pa ndalama yomweyo, kilo yamudyera K1,200. Mukuona vuto? Mtengo womwewo wina akuseka, wina akulira, ndipo wolirayo ndi amene amakakamira kuti tidikire K1,800. Msika sulipira munthu chifukwa munda wake sunabereke. Mufotokoze zimenezi mofatsa, chifukwa zimapweteka.

Ndiye mtengo wapansi usatsike kuposa ndalama zolimira za mlimi wapakati, komanso, mukachotsa K146 ija, usatsike kuposa wa venda wa pakhomo. Pa chitsanzo cha amayi aja, kugulitsa ku Kanengo pansi pa K1,150 kulibe nzeru, bola kuitanira venda pa nyumba yosungiramo katundu kuti agule onse pa sikelo yanu.

Ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi tsiku lothera. Lembani kuti mtengowu ugwira ntchito masiku 14, kenako tikumananso. Mtengo wopanda tsiku umasanduka lumbiro, anthu amachita manyazi kuutsitsa pagulu, ndiye amautsitsa mobisa.

Tsabola_Wakale
Mtengo wapansiwo onse 24 audziwe? Pofika madzulo venda aumva kumowa.

Chitedze77
Apo pali magulu awiri. Ena amati audziwe a komiti yogulitsa okha, anthu atatu. Ena amati chinsinsi ndi chimene chimabala mphekesera zoti komiti yalandira kangachepe. Ine ndimakonda kuti gulu lonse ligwirizane kawerengedwe kake, nambala yeniyeni ikhale ndi atatuwo, ilembedwe mu envulopu yomata, itsegulidwe tsiku logawana ndalama. Koma ndi kalabu yokhulupirirana yokha imene ingapirire zimenezo.

MayiWaSikelo
Ine envulopu ayi. Venda akaudziwa mtengo wapansi, palibe kanthu ngati ogula ali atatu akupikisana. Chimene chimakweza mtengo ndi wogula wachiwiri, osati chinsinsi.

WaKuLizulu
Zonsezi nzabwino kwa inu a soya. Bwerani ndi masamu anuwo pa tomato muone. Mwagwirizana dengu K15,000, dzuwa lafika pamutu, wopikula wakhala mu lole akungosewera ndi foni. Ikamakwana 3 koloko aliyense amagulitsa mmene angathere, chifukwa mawa ndi madzi okhaokha.

Mlangizi_Wopuma
Nzoona, tomato sadikira. Kumeneko mgwirizano sukhala pa mtengo kwenikweni, umakhala pa kalendala ndi pa muyezo. Kufesa mosiyanitsa masabata awiriawiri kuti onse asapse pamodzi, kugawana masiku othyola, ndi kukana dengu la wopikula lija losokerera khosi. Mukagwirizana dengu limodzi la muyezo umodzi mwapambana kale theka la nkhondo. Koma imeneyo ndi nkhani ina, a Mlembi afunsa za mbewu youma.

Nkhuku_Yamikolo
Pomwe tili pa soya pomwepa, mbewu yabwino ndi iti pakati pa Tikolore ndi Makwacha? Ndikufuna ndisinthe chaka chino.

Kamkhwani
Amwene, tili pa msika, inu mukutibwezera ku munda.

Chitedze77
Tikolore amacha msanga, Makwacha amatenga nthawi yotalikirapo. Koma funso lanu lakhudza kanthu kofunika kwa a Mlembi: ngati mamembala anabzala mitundu yosiyana, ena apuntha kale pamene ena sanazule. Wokolola msanga ndi amene amadikira nthawi yaitali, ndiye ndi amene amayamba kugwa. Kalabu ikhoza kutumiza katundu maulendo awiri m'malo momudikiritsa mwezi wathunthu.

Msungichuma_Wathu
Ndibwerere ku nambala ya a Mlangizi ija, chifukwa mpamene pagona nkhani. Tengani mlimi wa matumba 10 amene akupindula K77,000 akadikira. Akufunika K200,000 sabata ino. Akapita kwa wakatapila woti pa mwezi umabweza ndi theka pamwamba, chiwongoladzanja ndi K100,000. Ndiye kuti kudikira gulu kwamuluzitsa K23,000. Munthu ameneyu akagulitsa kwa venda si wosakhulupirika, wawerenga bwino masamu. Mukamulipiritsa chindapusa mukulanga munthu chifukwa chodziwa kuwerenga.

Koma akabwereka K200,000 yomweyo ku banki m'khonde pa 20 pa 100 iliyonse pamwezi, abweza K40,000 pamwamba, atsala ndi phindu la K37,000. Gulu likamupatsa kuchokera m'thumba lake pa 5 kapena 10 pa 100, ndiye bwino koposa. Ndiye ntchito ya kalabu ndi kupeza ndalama yotchipa kuposa katapila, yokwanira masabata atatu kapena anayi.

Kachitidwe kake: munthu alandire ndalama yoyamba pokhapokha matumba ake alowa m'nyumba ya gulu, ayezedwa, walandira lisiti. Osapereka pa soya amene ali kumunda kapena kuchipinda kwake. Ndipo musapitirire magawo 6 mwa 10 a mtengo wa venda wa tsiku limenelo. Thumba la K50,000 alandirepo K30,000. Chifukwa chake n'choti mtengo ukagwa, katundu amene muli naye akwanirebe kubweza ngongoleyo. Wofuna K200,000 ndiye kuti alowetse matumba 7.

Si onse 24 adzafune. Kawirikawiri ndi ochepa, ndipo amene ali ndi ndalama m'gulu momwemo akhoza kubwereketsa thumba la kalabu pa chiwongoladzanja chogwirizana, m'malo mowagula anzawo mwakachetechete. Paja dziwani kuti venda woopsa kwambiri nthawi zina amakhala membala wa kalabu yomweyo.

Mlembi_wa_Kalabu
Apo mwalasa. Alipo awiri amene amagula kwa anzawo n'kudzabweretsa ku gulu ngati zokolola zawo.

Msungichuma_Wathu
Muike malire. Aliyense alembetse maekala ake ndi matumba amene akuyembekezera, komiti ikaone. Wobweretsa kupitirira pamenepo, owonjezerawo alipire ya gulu yokwererapo, kapena alowe pokhapokha thiraki ili ndi malo. Ena amaletseratu. Ine sindiletsa, chifukwa matumba amenewo amathandiza kudzaza thiraki, koma asagule kwa membala soya amene analonjezedwa kale ku gulu.

Kamkhwani
Ndiye chindapusa chija mwachitaya? Anthu inu mukulera akuba.

Mlangizi_Wopuma
Sitinachitaye, koma chikhale ndi mutu. K50,000 yanu ija mwaitenga kuti? Wosowetsa thumba limodzi ndi wosowetsa matumba 20 alipire chimodzimodzi? Chindapusa chotero anthu amachiona ngati nkhanza, komiti imachita mantha kuchitolera, ndipo lamulo limene lalephera kamodzi lafa.

Werengani zimene gulu limaluza. Mwaitana thiraki ya K900,000 kuti inyamule matumba 300, abwera 200. Thiraki siyitsitsa mtengo. Tsopano K900,000 igawidwa pa makilo 10,000, ndiye K90 pa kilo m'malo mwa K60. Lendi ndi mlonda K15 m'malo mwa K10. Amene anasunga lonjezo aluza K35 pa kilo, onse pamodzi K350,000. Gawani pa matumba 100 amene asowa: K3,500 pa thumba. Chindapusa chake ndi chimenecho, mukhoza kuchikweza pang'ono kufika K4,000. Mukachifotokoza chonchi pa bolodi, palibe amene anganene kuti mukumuzonda. Akungobweza zimene walanda m'thumba la anzake.

Ndipo musamakatolere pakhomo, mudzangotukwanizana. Chichotsedwe pa ndalama zake zimene zili kale m'manja mwa gulu: pa matumba amene wabweretsa, kapena pa masheya ake. Aliyense asayine kapena adinde chala pa pepala lolola zimenezi tsiku la msonkhano, a mfumu kapena alangizi a m'dera lanu akhale mboni. Payeneranso kukhala khomo la mavuto enieni: maliro, matenda ogonekedwa. Wotero auze komiti kaye, gulu likhale loyamba kupatsidwa mwayi wogula matumbawo pa mtengo wa venda. Likalephera pa masiku awiri, agulitse popanda mlandu.

Chovuta si kulemba. Chovuta ndi tsiku limene wolakwa ndi mlamu wa a tcheya kapena mphwake wa a mfumu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. N'chifukwa chake ndimati a komiti akhale oyamba kulowetsa matumba awo, tsiku loyamba, onse akuona.

NaMbewe_Kasiya
Mwaiwala chinthu chimodzi abambo inu. M'makalabu ambiri olembetsa ndi amayi, koma amene amatsegula chitseko venda akagogoda ndi abambo. Mayi wasayina pepala, wapita ku mjigo, pobwera matumba awiri palibe. Mukamulipiritsa mayiyo mwamulanga kawiri. Pa msonkhano wogwirizana mtengo muitane banja lonse, onse awiri adinde. Ndipo ndalama ikabwera, ipite pa nambala ya foni imene awiriwo anagwirizana pamaso pa komiti.

MayiWaSikelo
Zoona mayi. Ndiponso n'chifukwa chake soya asagone m'nyumba za anthu. Thumba limene lili kuchipinda limamva kulira kwa mwana, limamva venda akuimba belu la njinga. Mukangopuntha ndi kuumitsa, masiku awiri kapena atatu alowe m'nyumba ya gulu. Maloko awiri, makiyi kwa anthu awiri osakhala pachibale. Matumba akhale pa mitengo kapena mapaleti, asagunde pansi kapena khoma.

Polandira, musachite manyazi ndi giredi. Mtengo umodzi umafuna katundu wofanana. Wina akabweretsa soya wa mchenga, makoko ndi wonyowa, wogula akabaya matumba atatu n'kupeza limenelo, amatsitsa mtengo wa thiraki yonse. Ogula akuluakulu ambiri amafuna chinyontho chisapitirire 12 kapena 13 pa 100. Ngati mulibe kamakina koyezera, lumani njere: youma imasweka ndi kaphokoso, yonyowa imaphwatalala. Thumba lililonse likhuthulidwe pa lona, lipetedwe, lilowe m'thumba la gulu, lilembedwe nambala ya mwini wake ndi inki. Lokanidwa libwerere kwa mwini wake akaliyanike, lisalowe "mongothandizana". Amene amasamala mbewu yake akaona kuti akulandira chimodzimodzi ndi wa mchenga, chaka chamawa sabweranso, ndipo amene amachoka ndi alimi abwino.

Tsabola_Wakale
Nanga venda akabwera n'kupereka K1,250 pakhomo, kuposa K1,154 ya gulu? Munthu akane bwanji?

Chitedze77
Imeneyo ndi njira yakale yothyolera gulu. Amasankha munthu mmodzi womveka, kumugula matumba awiri kapena atatu pa mtengo wokwera, nkhani n'kufalikira kuti komiti ikugona. Anthu akatulutsa matumba awo, thiraki yalephereka, iye uja amabwerera pa K950. Yankho lake mugwirizane Loweruka lomwelo: aliyense wopatsidwa mtengo wabwino asakane, anene kuti "zikomo, tiyeni kwa a komiti mukagule onse 300 pa mtengo umenewu, pa sikelo yathu, ndalama pompo". Ngati ndi woona, gulu lapindula, simulipiranso thiraki. Ngati ndi nyambo, muona akuyamba kuyankha foni.

Izi zikutanthauzanso kuti mavenda musawatenge ngati adani. Amene ali ndi ndalama ndi chiphaso apikisane nawo. Komanso musatseke msewu, musalande sikelo ya munthu, musaopseze mlimi amene si membala. Mgwirizano wanu umamanga okhawo amene anasayina.

Nkhuku_Yamikolo
Bwanji osangosunga mpaka Novembala kapena Disembala? Nthawi imeneyo mtengo umakhala utakwera, aliyense amadziwa.

Msungichuma_Wathu
Zaka zambiri umakweradi, koma si lamulo. Kumbukirani nandolo mu 2017: dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mtengo kuno unagwa kwambiri, ndipo amene anasunga podikira mitengo ya zaka zam'mbuyo analira. Soya nayenso amatengera zinthu zimene kalabu singazilamulire, monga ngati boma lalola kapena laletsa kutumiza kunja. Kusunga miyezi isanu ndi umodzi kumafuna lendi, mlonda, ndi chiwongoladzanja cha ndalama yoyamba ija mwezi ndi mwezi. Pa 10 pa 100 pamwezi, K30,000 ya pa thumba imabala K18,000 pa miyezi 6. Mtengo uyenera kukwera ndi K360 pa kilo kuti mungobweza imeneyo.

Amene akufunadi kusunga afufuze za malisiti a nyumba zosungiramo katundu, monga a bungwe la msika wa zokolola la ACE, pomwe katundu amayezedwa, kupatsidwa giredi, ndipo lisitiyo ikhoza kukhala chikole cha ngongole. Koma afunse ndalama zonse zolipira asanatumize thiraki. Kwa kalabu imene ikuyamba kumene, ine ndingati chaka choyamba gulitsani mkati mwa mwezi umodzi, anthu alawe ndalama. Kuyesa kupirira kwa anthu musanawaonetse phindu n'kupha gulu.

Kamkhwani
Apa pokha ndagwirizana nanu.

NaMbewe_Kasiya
Ndipo wogula woti "tsitsani katundu, cheke mudzatenga sabata yamawa" musamale naye. Sabata imeneyo imatha kukhala miyezi iwiri, ndipo amene amatukwanidwa kumudzi ndi mlembi. Mgwirizano ulembedwe thiraki isananyamuke: mtengo, sikelo yogwiritsa ntchito, zimene adzachotse pa chinyontho ndi zinyalala, ndi tsiku lolipira. Operekeza katundu akhale awiri, mmodzi wosakhala wa komiti, abwere ndi tikiti ya pa sikelo ya thiraki. Ndalama ilowe ku akaunti ya gulu ya osayinira atatu, osati pa foni ya a tcheya.

Mlembi_wa_Kalabu
Ndalemba zonse. Ndiyamba ndi kope la zosowa za aliyense, kenako masamu pa bolodi, kenako lonjezo la magawo 7, chindapusa pamapeto. Koma ndaona m'buku la msungichuma, m'thumba la kalabu muli K640,000 yokha. Pa K30,000 pa thumba ndiye matumba 21 basi. Banki m'khonde ya kuno imagawana mu Disembala, panopa ndalama zambiri zili m'manja mwa anthu.

Msungichuma_Wathu
Ndiye musalonjeze ndalama yoyamba kwa onse. Muone m'kope muja amene sangathedi kudikira, muyambe ndi iwowo. Njira ina ndi kugulitsa msanga matumba 50 oyamba kulowa, pa sikelo yanu, kwa amene wapereka mtengo wabwino sabata imeneyo. Pa K1,000 ndi K2,500,000, yokwana nambala ija. Koma ndiye thiraki yatsala ndi matumba 250, K60 ija yakwera kufika K72.

Mlangizi_Wopuma
Ndipo pabuka funso loti matumba 50 amenewo ndi a ndani. Ngati muwawerenga ngati a gulu lonse, aliyense alandire mtengo wapakati pamapeto, amene sanafune ndalama yoyamba adzati tikulipirira mavuto a ena. Mukawawerenga ngati a eni ake okha, ndiye kuti osauka agulitsabe motchipa, kungoti adutsira pa khomo la kalabu.

MayiWaSikelo
Mtengo wapakati. K12 pa kilo si yoti munthu n'kuthetsera chibale.

Kamkhwani
Mukawauze a golosale aja zimenezo Loweruka, mudzatiuze mmene nkhope zawo zinaonekera.

Mlembi_wa_Kalabu
Ndikaika zonse ziwiri pa bolodi avote okha. A NaMbewe, pepala lodinda mabanja lija mumalemba limodzi la gulu lonse kapena banja lililonse lake?

NaMbewe_Kasiya
Banja lililonse lake, makope awiri. Limodzi apite nalo kunyumba, kuti venda akagogoda pakhale chomuonetsa.